Makina aja asiya kuvina: vuto linali mabawuti

"Ndagula makina ochapira otsegula kutsogolo kuno ku Nchalo, koma akamakamula zovala akuyenda okha mpaka pakhomo. Ndibweze?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Sindinabweze. Kumbuyo kwake kunali mabawuti anayi amene amagwira mgolo wa mkati kuti usagwedezeke paulendo. Akakhalapo, masipuling'i sagwira ntchito, ndiye kugwedezeka konse kumapita kuthupi la makina. Nditazimitsa magetsi ndinawamasula ndi sipanala, n'kuwazula pamodzi ndi mapulasitiki ake, mabowo n'kutseka ndi zivindikiro zobwera nazo. Poyesa, kankhani mgolo ndi dzanja: uzinyevuka n'kubwerera, usalimbe gwa. Mabawutiwo sungani. Tsiku losamuka, makina akamakakwera Thabwa pa lole, adzafunikanso.

Paipi yolowetsa madzi muione ngati ili ndi kalabala mkati, ndipo mumange ndi dzanja basi, pulayala imaswa pulasitiki. Yotulutsa ndinaikoloweka masentimita 70 kuchokera pansi, chifukwa ikagona pansi madzi amangotuluka makina akudzaza. Kasefa ka polowera madzi muzikatsuka, madzi a pamjigo kuno amabwera ndi mchenga.