Thandizeni: sikolo ya NEWS2 ikakhala yotsika koma wodwala akufooka

Anamwino anzanga, ndikulemba zoti ophunzira aziwerenga pa kazindikiridwe ka wodwala amene wayamba kufooka mu wodi pogwiritsa ntchito NEWS2, tchati yopereka mapointi pa zomwe tamuyeza wodwala, koma pali pomwe pandiimitsa.

Titenge bambo wodwala chibayo. Akupuma maulendo 23 pa mphindi, mapointi 2. Okosijeni m'magazi ili pa 95, pointi 1. Mtima ukugunda maulendo 104, pointi 1. Thupi latentha kufika 37.8, sali pa okosijeni, ndipo akuyankha bwinobwino. Zitatuzi ndi 0. Nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi ili pa 115, yomwenso NEWS2 imaipatsa 0. Zonse pamodzi ndi 4, pomwe dokotala amaitanidwa mwachangu zikafika 5.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti bamboyu ali ndi matenda othamanga magazi, ndipo m'mawa anali pa 170. Kwa ine kutsika kotereku n'koopsa, ngakhale tchati yangoti zii.

Kodi inu mumawauza chiyani ophunzira pamenepa? Aitane dokotala nthawi yomweyo, kapena ayezenso kaye? Ngati n'kuyezanso, pakapita mphindi zingati, poti usiku namwino amakhala yekha ndi wodi yodzaza? Ndikufuna lamulo losavuta lomwe wophunzira angalikumbukire.