Madiresi 7 okha sabata yonse, nthawi ikulowa kuti?

aNambewe, Ulongwe (Lamulungu madzulo)
Atelala anzanga, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Amayi a gulu lina kuno anandipatsa madiresi 32 a chitenje chofanana oti akavale pa 7 Epulo. Diresi limodzi, kudula, kusoka mpaka kusita, limanditengera maola atatu. Ndimatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Koma sabata yonseyi ndatulutsa 7 okha. Kwatsala masabata atatu, madiresi 25. Ine ndikuti ndi magetsi akuzimazimawa. Ulesi ayi, chifukwa ndimafika kunyumba msana ukuchita kuphwanya.

Zakaliya, Zobwe
Mayi, apa palibe zambiri. Bwezerani lamba pa makina anuwo muzipalasa ndi miyendo. Ine mota ndinaichotsa kalekale, magetsi azime asazime sindidziwa n'komwe.

Bambo Phiri, Mowatizi
Zakaliya mwana wanga, lamba ndi wabwino, koma tiyeni tiwerengere kaye tisanam'gwire wakuba. ANambewe, mukachotsa ola la nsima mumakhala pa ntchito maola 9 patsiku. Masiku 6, ndi maola 54. Madiresi 7 adya maola 21. Atsala maola 33. Kodi magetsi anazima maola 33 masana okhaokha sabata yathayi?

aNambewe, Ulongwe
Iii, ayi bambo. Mwina kawiri kapena katatu, ndipo sanachedwe kwenikweni.

Bambo Phiri, Mowatizi
Ndiye mwaona. Magetsi timawakumbukira chifukwa akazima mtima umawawa. Zimene zimatidyera nthawi pang'onopang'ono sizipweteka, ndiye pofika Lamulungu taiwala. Ine zaka zambiri ndinkanamizira kutentha kwa kuno, kuti masana munthu sangasoke. Nditayamba kulemba ndinapeza kuti ndi bawo limene anzanga anaika pakhonde panga. Ndinkangoti ndionereko pang'ono, ola latha.

Chitani chonchi sabata ino yokha. Tengani kope lanu la miyezo, mulitembenuze, muyambire kumbuyo. Tsiku lililonse tsamba lake. Mukangosiya diresi kwa mphindi zopitirira 10, lembani nthawi imene mwasiya, nthawi imene mwabwerera, ndi mawu amodzi: msika, magetsi, chigamba, mlendo, kubwereza. Lembani pompo, cholembera chizikhala m'kabati ka makina pamodzi ndi mabobini. Mukati mulemba usiku, mudzalemba zimene mukuganiza, osati zimene zachitika. Ndipo musasinthe kagwiridwe ka ntchito pofuna kuti kope lioneke bwino. Lamulungu mukachoka kutchalitchi khalani pansi theka la ola, muphatikize maola a mawu aliwonse, mutibweretsere.

Mayi a Tadala, Domwe
Zolembazi ine ndimachita kale. Loweruka lililonse ndimawerengera zolowa ndi zotuluka, ulusi, makala a nsimbi, lendi. Sabata yatha ndatsala ndi 1,300 metikali. Chofunika n'kusasakaniza ndalama ya shopu ndi ya ndiwo, basi.

Zakaliya, Zobwe
Mayi a Tadala, apa sakunena za ndalama, akunena za nthawi. Komanso Bambo Phiri, munthu ali pa mpanipani ndiye azikhalanso akulembalemba? Kulembako si kutayanso nthawi?

Bambo Phiri, Mowatizi
Mzere umodzi sutha mphindi. Patsiku mwina mizere 10. Ukaona kuti ukulemba kupitirira pamenepo, ndiye kuti matenda wawapeza kale, ukudzukadzuka kwambiri.

aNambewe, Ulongwe (Lamulungu linalo)
Ndabwera ndi kope langa, ndipo manyazi andigwira. Madiresi ndatulutsanso 7, maola 21. Magetsi anazima katatu, onse pamodzi maola 4 okha. Tintchito tating'onoting'ono, kuika zipi, kupinda mabuluku, zigamba za mayunifomu a ana asukulu, tinalipo 19, tadya maola 9. Kumsika ndapita ka 6, maola 5. Kuphwasula ndi kusokanso madiresi atatu amene sanakwane eni ake, maola 6. Lachinayi tinali ndi zovuta kufupi ndi kwathu, ndinatsegula masana, maola 5. Atsala maola 4 amene sindikudziwa kumene alowa, mwina macheza ndi foni.

Chimene chandidabwitsa ndi msika. Lachiwiri ndinapita kukagula zipi imodzi yofiirira. Ndapeza wogulitsa watuluka, mwana amene anam'siyira sadziwa mtengo. Ndadikira, ndakumana ndi alamu anga, talonjerana, tafunsana za kumunda. Pobwerera ndayang'ana foni, mphindi 55 zapita chifukwa cha zipi imodzi. Mawa lake ndinapitanso, ulusi.

Chikondi, Furankungo
Maola 5 a malirowo ndi ambiri. Bwenzi mutangokapepesa m'mawa n'kubwerera.

Mayi a Tadala, Domwe
Iwe Chikondi udakali mwana. Maliro n'kulirana. Amayi amene akuphika pa siwapo ndi omwewo amakubweretsera zitenje. Zimenezo sizilowa m'gulu la nthawi yotayika.

Bambo Phiri, Mowatizi
Mayi a Tadala anena zoona. Poona kope musayambe ndi nambala yaikulu. Funsani pa chilichonse kuti: ichi chibweranso sabata yamawa? Nanga chili m'manja mwanga? Maliro sali m'manja mwanu. Magetsi nawonso ayi, ngakhale zimene mumachita akazima zili m'manja mwanu, tibwerako. Msika ndi kubwereza, maola 11, ndi anu enieni.

Tiyambe ndi madiresi atatu obwererawo. Munawayeza ndinu?

aNambewe, Ulongwe
Ayi. Amayi ena amakhala kutali, cha ku Kalomwe, ndiye apampando a gululo anangonditumizira miyezo pafoni. Awiri anathina pachifuwa, limodzi linakhwepa m'chiuno. Pa 18 amene atsala, 8 miyezo yake ndi ya pafoninso.

Bambo Phiri, Mowatizi
Apo ndi pamene kope lagwira ntchito. Silikungokuuzani za sabata yatha, likukuchenjezani za imene ikubwera. Diresi lobwerera likukudyerani maola awiri. Pa 8 amenewo akabwerera theka, ndi maola 8, pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo adzabwerera pa 5 kapena pa 6 Epulo pamene mulibe pothawira. Musadule nsalu ya munthu amene simunam'zunguliza tepi. Imbirani apampando usiku uno. Amene sangabwere atumize diresi lake limene limam'khala bwino, muyezere pamenepo. Ndipo podula siyani nsalu yokwanira m'mbali, kuti likathina mungomasula msoko.

Tsopano kukonza sabata. Cholakwa chimene tonse timachita n'kutenga maola 54 n'kugawa ndi 3, n'kulonjeza madiresi 18. Masabata awiri otsatizana akuonetsani kuti mumatulutsa 7. Yambirani pa 7, muwonjezere zokhazo zimene mwabweza ndithu. Msika ukatsika kuchoka pa maola 5 kufika pa limodzi, mwabweza 4. Kubwereza kukatha, 6. Ndi maola 10, madiresi atatu. Ndiye sabata ino lembani 10, osapitirira. Sabata yomaliza 8, athe Lachinayi, masiku otsalawo akhale oyesa ndi kukonza. Tsiku limodzi musaliikire diresi lililonse. Limenelo ndi la zadzidzidzi, ndipo zadzidzidzi sizilephera kubwera.

Zakaliya, Zobwe
Ine ndikadali pa lamba wanga. Maola 4 a magetsiwo ndi diresi limodzi ndi kanthu.

Bambo Phiri, Mowatizi
Sindikukana. Ngati chopalasira chilipo, aike. Koma ngakhale popanda lamba, maola amenewo sayenera kufa. Sizasi safuna magetsi, nsimbi ya makala sifuna magetsi, mabatani ndi mpendero wa pamanja chimodzimodzi. Ine ndili ndi dengu pansi pa tebulo loikamo ntchito za pamanja, sindizikhudza magetsi alipo. ANambewe, akazima munkatani?

aNambewe, Ulongwe
Ndinkapita kumsika, kapena kungokhala pakhonde kudikira. Kusita ndinkachita magetsi ali chiyakire. Ndadziseka ndekha.

Koma pa msika pali vuto, bambo. Sikuti ndimakonda kuyenda. Ndimagula zipi imodziimodzi chifukwa ndalama yogulira 18 nthawi imodzi ndilibe. Amayiwo anapereka yoyamba yochepa, inathera lendi.

Mayi a Tadala, Domwe
Mwaona, mwabwerera ku kope langa lija munkati si nkhani yake. Tiuzeni, tintchito 19 tija tabweretsa zingati, ndipo diresi mukusoka pa zingati?

aNambewe, Ulongwe
Tintchito 720 metikali tonse pamodzi. Diresi 450.

Mayi a Tadala, Domwe
Ndiye pa zigamba ola lanu likugulidwa 80, pa diresi 150. Koma sabata yathayi madiresi 7 akudyerani maola 27 mukaphatikiza kubwereza, ndiye ola latsikira cha m'ma 117. Komabe likuposa zigamba. Madiresi 14 mwamaliza kale, auzeni apampando alipire amenewo, mugule mazipi ndi ulusi wonse Lolemba kamodzi. Mutenge kachidutswa ka chitenjecho kuti mtundu wa ulusi mukafananize komweko, musapitenso kukabweza.

Chikondi, Furankungo
Ndiye zigambazo angozikana mpaka 7 Epulo idutse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zakaliya, Zobwe
Kukana ayi. 7 Epulo ndi tsiku limodzi pachaka. Wa chigambayo ndi amene amakudyetsa mwezi wa Novembala anthu ndalama zonse atakagula feteleza. Ukam'bweza lero, mawa apita kwa telala wa pakhonde linalo, sabweranso.

Bambo Phiri, Mowatizi
Ine sindikana, koma sindisoka munthu ataima pamutu. Chimene chimadya nthawi pa chigamba si kusoka kwake. Ndi kuchotsa ulusi wa diresi, kuika wakuda, kusintha bobini, mwina ndi singano ngati ndi jinzi, kenako kubwezeretsa zonse. Ka 19 pasabata. Landirani, lembani dzina pa kapepala, bayani ndi pini, nenani kuti adzatenge 5 koloko. Kuyambira 4 koloko muzisoka zonse pamodzi, za ulusi wakuda kaye, kenako zoyera.

Zakaliya, Zobwe
Kwanu kutauni zingatheke. Kuno kumalire munthu buluku lang'ambika akudikira galimoto, akufuna pompano. Ukati 5 koloko wakuseka.

aNambewe, Ulongwe
Anganso ambiri ndi ochokera kumidzi, amabwera panjinga, sangabwerenso madzulo. Ndiyesa chonchi: a m'tauni muno 5 koloko, akutali ndiwasokera pomwepo koma ndizilemba m'kope, tione Lamulungu kuti adya maola angati. Ndalemba patsamba la mawa: m'mawa msika, ndikabwera kudula 10 amene ndinawayeza ndekha. Lachisanu ndalisiya lopanda kanthu. Apampando ndawaimbira, akuti za ndalama ayankha akakambirana ndi asungichuma. Akapanda kutumiza mawa, za msika kamodzizo zagwa.

Mayi a Tadala, Domwe
Akachedwa ndiuzeni. Ndili ndi mazipi ofiirira 6 otsala pa ukwati wa mwezi watha, ndingapatsire wa njinga yamoto. Anuwo ndi aatali bwanji?