Ndikane bwanji phwando m'Chijapani osaoneka wamwano?

Wophunzira wa ku Sendai:
Abale amene muli ku Japan, ndithandizeni. Mkulu wathu wa mu labu wandiitanira ku bonenkai, phwando lawo lotsanzikana ndi chaka lija la mu Disembala. Tsiku lomwelo ndili ndi zakutchalitchi, komanso mowa sindimwa. Chijapani changa n'chongoyamba kumene. Ndimati ndingoyankha kuti "ikimasen", koma mnzanga akuti zimenezo n'zouma. Ndinene chiyani?

Mayi wa ku Nagoya:
Ikimasen ayi, achimwene. Zimamveka ngati mukuti simupita chifukwa simukufuna. Iwo amafuna amve kuti mtima ulipo, koma zinthu ndi zomwe sizikulola. Yambani n'kuthokoza: "Osasoi arigatou gozaimasu." Kenako munene kuti "Sekkaku desu ga, sono hi wa chotto tsugou ga warukute...", kutanthauza kuti mwandiganizira ndithu, koma tsikulo ndapanikizika pang'ono. Chiganizocho musachimalize, chisiyeni m'malere mukuonetsa nkhope yodandaula, iwo amva kale. Mutsekere ndi "Mata sasotte kudasai", mudzandiitanenso.

Za mowazo musazitchule n'komwe. Akuuzani kuti bwerani mudzamwe tiyi, pamenepo mwagwidwa.

Wamagalimoto:
Zonsezo n'zazitali. Ine makasitomala anga a ku Japan akamakana amangoti "kangaete okimasu", ndiganizira kaye. Aliyense amadziwa kuti ndi ayi. Teroni basi.

Mayi wa ku Nagoya:
Pa malonda n'zoona, bambo, koma pa bonenkai mumuika munthu m'mavuto. Pamakhala wokonza phwando, amati kanji, amene amasungitsiratu malo ku lesitilanti powerenga mitu, ndipo mtengo umakhala wa munthu aliyense. Mlendo akati ndiganizira, kanji angathe kumuwerengera. Mukadzakana tsiku litafika, kawirikawiri ndalama yanuyo imalipidwabe, ndipo kuthawa kwa mphindi yomaliza kumeneko, dotakyan, n'kumene amadana nako kwenikweni. Ndiye kwa kanji lembani zomveka, lero lomwe: "Zannen desu ga, konkai wa sanka dekimasen", kutanthauza kuti pepani, ulendo uno sinditha kubwera. Dekimasen akusonyeza kulephera, osati kukana.

Mlongo wa ku Fukuoka:
Ine ndinayankhapo "daijoubu desu" ndikutanthauza kuti ayi zikomo. Woitanayo anamva kuti tsikulo ndilibe vuto, anandidikira pa siteshoni. Mawu amenewo amapita mbali zonse, asiyeni.

Ankolo:
Mukukaniranji chakudya chaulere? Pitani mukadye!

Mlongo wa ku Fukuoka:
Si chaulere ankolo, aliyense amasonkha.

Wophunzira wa ku Sendai:
Zikomo nonse, kanji ndamulembera. Koma ndamva kuti mu Januwale kulinso shinnenkai, phwando lolandira chaka chatsopano. Ndikakana kawiri motsatizana, sasiya kundiitana?

Mayi wa ku Nagoya:
Zimatengera labu yake. Ndikanakhala ine, ya Januwaleyo ndikanapita, n'kutsanzika phwando loyamba likatha, anthu asananyamuke kupita ku nijikai, phwando lachiwiri la usiku womwewo.

Wamagalimoto:
Ine ndikuona ngati wophunzira wakunja samuwerengera zimenezo.