Za bosvo la amalume: mathero ake

“Amalume andituma kuti ndiwagulire bosvo, thanki losungira madzi, la malita 5,000 chifukwa madzi akuvuta kwawo ku Mabvuku, mumzinda wa Harare. Ndi labwino liti?” Limeneli ndi funso lomwe ndinafunsa mwezi watha, ndipo ndabwera kudzanena mmene zathera.

Mayi wina anandilangiza kuti ndisathamangire kugula, ndiyambe ndawafunsa kuti madziwo akufuna achite nawo chiyani. Ndinapita Loweruka, tinakhala pakhonde, ndipo ndinati, “Amalume, bosvoli likabwera, chidzasinthe n’chiyani pakhomo pano?” Anakhala chete kaye, kenako analoza azakhali omwe ankatula chigubu cha malita 20 akugwira msana. Madzi ochapira ndi osamba ali nawo, chitsime chili kuseri kwa nyumba. Chimene chinkawapweteka mtima n’choti mayi wachikulireyu azifola pamjigo m’bandakucha kufuna madzi akumwa, poti a m’chitsime amawaopa chifukwa cha kolera ya mu 2008.

Tinawerengera limodzi. Pakhomo pali anthu anayi, ndipo kumwa ndi kuphika kumatha malita pafupifupi 40 patsiku. Ndiponso bosvo silibweretsa madzi, limangosunga. Mpopi wawo unauma kalekale, choncho likanafuna kugula madzi a pagalimoto nthawi zonse, ndalama zomwe alibe.

Tagula migolo iwiri ya malita 200 yokhala ndi zivindikiro, mankhwala a kolorini, ndipo tapangana ndi mnyamata wa ngolo kuti azidzaza kamodzi pamlungu. Azakhali tsopano akudzuka dzuwa litatuluka.