Windows 11 ikukana VM ya akaunti pa Proxmox

Wezi Gondwe: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa ofesi ina ku Luwinga tili ndi seva ya Proxmox, ndipo mkati muli VM 105 ya Windows 10 yomwe imasunga pulogalamu ya akaunti. Poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, abwana akuti tikwere ku 11. PC Health Check inati palibe TPM 2.0 ndi Secure Boot. Dzulo ndinasintha BIOS kuchoka pa SeaBIOS kupita pa OVMF (UEFI), basi Windows osadzukanso. Skirini ndi yakuda, yangolemba `Shell>`. Mayi wa akaunti akufuna kukonza malipiro Lachisanu, mtima uli m'mwamba.

Limbani: Sisi, ngati seva ilibe TPM palibe chochita. Lowani mu BIOS ya seva muyatse PTT, apo ayi mugule kachipu.

A Mhango: Ayi achimwene, VM sigwiritsa ntchito TPM ya seva. Proxmox imapanga yake kudzera mu swtpm, n'kuisunga ngati kadisiki kakang'ono. Musagule kanthu.

A Gondwe, musaope, deta yanu ilipo. Windows imene inaikidwa pa SeaBIOS ili pa disiki ya MBR, pamene OVMF imafuna kagawo ka EFI kokhala ndi mafayilo odzutsira. Ikakasowa imakutayani pa `Shell>`. Bwezerani SeaBIOS, idzuka ngati kale. Tengani bakapu yathunthu kaye. Kenako tsegulani Command Prompt ngati Administrator:

```
mbr2gpt /validate /disk:0 /allowFullOS
mbr2gpt /convert /disk:0 /allowFullOS
```

Loyambalo likalephera, lachiwiri musaliyese.

Wezi Gondwe: Yadzuka, zikomo bambo! Koma loyambalo lakana, likuti `Disk layout validation failed`.

A Mhango: Mu Disk Management mukuona magawo angati?

Wezi Gondwe: Anayi. System Reserved, C:, D: ndi Recovery. Mu D: muli mabakapu akale a pulogalamu ija.

A Mhango: Ndi pomwepo. MBR imalola magawo akuluakulu anayi okha, ndiye mbr2gpt imafuna apezeke osapitirira atatu kuti ipeze poika ka EFI. Onjezani disiki yachiwiri pa VM, samutsirani za mu D: kumeneko, fufutani D:, muyesenso. Ikatembenuka zimitsani VM, ndipo pa seva mulembe:

```
qm set 105 --bios ovmf
qm set 105 --efidisk0 local-lvm:1,efitype=4m,pre-enrolled-keys=1
qm set 105 --tpmstate0 local-lvm:1,version=v2.0
```

Mzere wapakatiwo ndi umene ambiri amaphonya. Popanda makiyi a Microsoft, VM imadzuka pa UEFI bwinobwino koma msinfo32 sionetsa Secure Boot State kuti On. Ngati dzulo munaika kale EFI Disk yopanda makiyi, ichotseni muike yatsopano.

Tamanda: Bwanji osangodumpha zonsezi? Ine pa makompyuta a kusukulu ina ku Katoto ndinaika BypassTPMCheck mu LabConfig, mpaka lero akuyenda.

A Mhango: Njira imeneyo ndi ya poika Windows yatsopano kuchokera pa ISO kapena fulashi. Apa tikukweza yomwe ilipo kale. Komanso pa makina enieni akale ndingamve, koma pa VM TPM ndi yaulere, mzere umodzi basi. Makina a malipiro a anthu sindingawaike pa njira imene Microsoft sinalonjeze kuti izidzalandira zokonza.

Wezi Gondwe: Zatheka! msinfo32 ikuti BIOS Mode UEFI, Secure Boot State On, ndipo tpm.msc ikuonetsa 2.0. Koma PC Health Check ikudandaulabe za purosesa.

Tamanda: Onani pa Processors. Ngati VM ndi yakale mwina ili pa kvm64, yomwe imabisa purosesa yeniyeni. Ikani host. Ndiponso 24H2 sidzuka n'komwe popanda SSE4.2.

A Mhango: Tamanda wanena zoona. Ndiwonjezere za BitLocker, poti zinandionekera. Chaka chatha ndinabwezeretsa disiki ya kasitomala mu VM yatsopano, kadisiki ka TPM n'kusiya. Kuyatsa, skirini ya buluu kufuna kiyi ya manambala 48 yomwe palibe anailemba. Tinagona mu ofesi ndi kuzizira kwa Juni kuja. Mukayatsa BitLocker, lembani `manage-bde -protectors -get C:`, kiyiyo musindikize papepala, muisunge kunja kwa seva.

Wezi Gondwe: Ndaika host, tsopano ikuona Xeon yeniyeni koma ikuti siili pa mndandanda. Sevayi tinagula yogwiritsidwa kale ntchito.

Limbani: Yanga ndi yakalenso koma kuika yatsopano kuchokera pa ISO inalowa osafunsa.

A Mhango: Nanenso ndinaonapo zimenezo, koma kukweza kuchokera mkati mwa Windows kumayang'ana purosesa mwamphamvu. Ndikanakhala ine, malipiro a Lachisanu apite pa Windows 10 yomweyo. Loweruka pangani VM 106 ya Windows 11, muyese pulogalamu ya akaunti mmenemo.

Wezi Gondwe: Laisensi ya pulogalamuyo inamangidwa pa makina akalewa, sindikudziwa ngati ilola kusamuka. Ndiwaimbira ogulitsa mawa m'mawa. A Mhango, nambala ya Xeon ija ndikutumizirani kumbali muione.