Zatsopano za filimu ya ku Chitakale: agogo akusowabe

"Mayeso a ochita sewero aja munachita? Malo a azaka zathu alipobe?" anafunsa mayi wina wa ku Likhubula.

Zikomo mayi. Tinachita Loweruka lapitali. Wosewera mtsikana wazaka 12 wapezeka, wosewera bambo wothyola tiyi wapezekanso. Otsala ndi agogo aakazi, azaka 60 kupita m'tsogolo.

Anabwera atsikana atatu atadzola phulusa kumutu, akuyenda chowerama ndi ndodo. Tinaseka ndithu, koma sitinawatenge. Pa siteji zimenezo zimatheka chifukwa oonera amakhala patali, pomwe kamera imafika pafupi n'kuonetsa khungu losalala la m'manja. Tikufuna makwinya enieni.

Kuwerenga musade nako nkhawa. Tidzakuuzani nkhani pakamwa: mdzukulu wanu wabisa kalata yochokera kusukulu, inu mwaipeza m'thumba la ufa. Mudzamufunse monga mumachitira kwanu. Mukasakaniza ndi Chilomwe, ndiye bwino kwambiri. Chimene timayang'ana ndi chakuti mungabwereze mawu omwewo kanayi kapena kasanu osasintha, poti chigawo chimodzi timachijambula mbali zingapo. Mawunso asakwere ngati a pabwalo, maikolofoni imamva ngakhale kunong'ona.

Bwerani Loweruka likudzali 8 koloko m'mawa, pamalo omwe tinachitira mayeso Loweruka lapitali, mutavala chitenje cha masiku onse.