Ndingasiyanitse bwanji kayankhulidwe ka abale awiri m'nkhani?

Moni nonse alembi. Ndikulemba nkhani ya abale awiri a ku Nsanje. Wamng'ono anaphunzira mpaka yunivesite, amakhala ku Blantyre. Mkulu wake analekezera Sitandade 5, amalima mapira kudimba. Akukangana za ndalama zofolera nyumba ya mayi awo madzi osefukira atadutsa.

Ndayesa kumuthirira wophunzirayo Chizungu, akumveka wamatama. Mkuluyo ndinampatsa Chisena ndi miyambi, anthu akumuseka, pomwe ine ndikufuna alemekezeke. Pano ndasiya wamng'ono azinena "achimwene" koma akulamula: "Ndatumiza kale ndalama, mungogula malata." Mkulu ayankha: "Zikomo bwana, ife tidikira madzi aphwe."

Kodi "bwana" ameneyu akukwanira kuonetsa mpata pakati pawo, kapena ndiwonjezere chiyani? Thandizeni.